Mchenga Wathu Uli pa Khoma la Alamu

Ndikamadutsa pa nyumba ya alamu anga, akulu awo a amuna anga, maso anga amathamangira pa khoma. Ndi losalala bwino, lopaka laimu, alendo amaliyamikira. Ine sindiliyamikira. Mchenga umene uli m'khoma limenelo unabwera pamutu panga, mwana ali kumbuyo, ndipo sunali wa khoma.

Tinasamukira kumtunda kuno madzi osefukira atagwetsa nyumba zathu kudambo. Malo ndi abwino, chigumula sichifika. Koma mjigo umene tinaupeza ndi wa madzi amchere, oti sopo sachita thovu, nyemba sizipsa, mwana akamwa m'mimba mumasokonekera. Ndiye madzi akumwa tinkakatunga ku Shire. Amene sanatungepo kumeneko sangamve. Umayamba waponya miyala pamadzi, kenako n'kutunga msangamsanga, mwendo umodzi uli wothawira. Mwana wanga anali asanayambe kuyenda ndipo ndinalibe womusiyira. Ndikawerama kuti ndiviike ndowa, kamutu kake kankasuzumira paphewa panga, kuyang'ana madzi, kumaseka. Ng'ona inali itatenga kale mbuzi pa dooko lomwelo, ife tikuona.

Choncho litabwera bungwe lina n'kukumba mjigo wa madzi abwino kuphiri, n'kuika sola ndi thanki pamwamba, n'kunena kuti mudzi ukumbe ngalande zoti mudutse mapaipi, ine sindinadikire kuitanidwa kawiri. Mpopi wa mbali yathu unali womalizira, kutsidya kwa msewu wa ngolo.

Anatitumizira mmisiri wa mapaipi wa ku Bangula, bambo wamfupi, wa chipewa chamlaza, wosatha nkhani. Tsiku loyamba anadula ndodo ziwiri. Yaifupi inkandifika pakati pa ntchafu, yaitali m'chiuno.

"Yaifupiyi ndi ya paliponse," anatero. "Ndikaiimika m'ngalande isaoneke mutu. Yaitaliyi ndi ya pamene pamadutsa ngolo. Paipiyi ndi ya pulasitiki, si njanji ayi. Ikakhala pamwamba, khasu liitema, moto wa m'munda uiwotcha, ngolo iiphwanya."

"Nanga mchengawo ndi wachiyani, amisiri?" anafunsa mayi wina. "Tikumanga nyumba kodi?"

"Mayi, inu mumagona pa miyala?"

"Ine ndimagona pa mphasa."

"Nayonso ikufuna mphasa. Mchenga pansi, wokhuthala ngati chikhatho. Paipi igone pamenepo. Mchenga wina pamwamba, woposa wa pansiwo. Kenako dothi lofewa, lopanda mwala, muziponda pang'onopang'ono. Zigulumwa zanu za makandezi zibwere pomaliza. Mwala umodzi wokha ukatsamira paipi, lero suboola, mawa suboola, koma dothi likamakanikiza, tsiku lina udzaboola ndithu."

Ngalande anaigawa ndime ndime, monga timagawira polima, banja lililonse ndime yake. Inali nyengo yotentha, makande atauma gwa, piki ikumenya n'kudumpha. Amuna ankakumba, akazi tinkatuta mchenga ku mtsinje wouma wa kuseri kwa mudzi, m'mabeseni, n'kumaunjika milu m'mbali mwa ngalande. Mchenga ndi wolemera kuposa madzi. Khosi limachita kulowa m'mapewa. Sindinadandaule. Ndinkati beseni lililonse likundichotsa ku Shire.

Ndime ya pa msewu wa ngolo anaipempha okha alamu. Amaotcha njerwa pafupi ndi mtsinje wouma uja, ndipo ngolo zawo ziwiri zimadutsa pamenepo popita ku msewu waukulu. Njira ndi yokhayo: mbali ina kuli chigwembe, mbali ina mipanda ya minga ya minda ya anthu. Anati popeza odutsapo ndi iwo, apasamala okha. Mulu waukulu kuposa yonse tinaunjika pamenepo.

Kulumikiza mapaipi kunkachitika m'mamawa, dzuwa lisanakwere, nthawi imene amuna ambiri amakhala atapita ku ganyu wa ku minda ya nzimbe. Ndiye amisiri anatenga amene analipo, ine ndi mnansi wanga wina. Anatiuza chifukwa chake. Paipi yakuda ikakhala padzuwa la kuno imatalika, ikazizira imafupika. Ukailumikiza masana yatamuka, n'kuikoka kuti iwongoke, madzi ozizira akangolowa imadzikoka n'kufuna kusolola pa joini. N'chifukwa chake m'ngalande sitinkaiwongola ngati chingwe choyanikapo zovala. Tinkaigoneka mokhotakhota pang'ono, kuti ikhale ndi poti idzikokere.

Joiniyo ndi ya pulasitiki, yonenepa pakati, uku nati uku nati. Ukamasula nati umapeza kamphete koyera ka mano, kamene kamaluma paipi kuti isasolole, ndipo mkati mwenimweni muli kamphira kakuda kozungulira ngati khoza, kamene kamatseka madzi. Moto sufunika, guluu safunika. Paipi umaidula ndi sowo mowongoka, osati mopendama. Umapala zinyenyeswa ndi mpeni n'kusongola m'mphepete pang'ono kuti isakang'ambe kamphira kaja. Umaipukuta, mchenga usatsale ngakhale kambewu kamodzi. Umaiyerekeza ndi joini kuti udziwe pamene iyenera kulekezera, n'kudontheza penti yoyera pamenepo. Ukatero umalowetsa nati, kenako kamphete, umanyowetsa nsonga ndi madzi a sopo, n'kukankha.

Ulendo woyamba ndinakankha, paipi inaima, ine n'kumwetulira.

"Mwafika?" anafunsa amisiri.

"Ndafika."

"Penti yanu ili kuti?"

Inali kutali ndi joini, zala ziwiri.

"Pamenepo mwangogogoda pachitseko, mayi. Chakuimitsanicho ndi kamphira. Kankhaninso mpaka mumve yagunda."

Ndinagwada bwino, n'kukankha ndi thupi lonse. Inapitirira n'kugunda, khu. Kenako kamphete pafupi, nati pamwamba, kumanga ndi manja mpaka manja akane, n'kumalizira pang'ono ndi sipanala. Osati mwaukali, nati ingasweke. Mnansi wanga anafunsa ngati mafuta ophikira sangaterere bwino kuposa sopo. Amisiri anati mafuta asungire mandasi, paipi siifuna mafuta amtundu uliwonse.

Mpukutu wina wa paipi unathera chapafupi ndi msewu wa ngolo, ndipo joini ya pamenepo ndinamanga ine, amisiri akuona. Atatha, anaimika ndodo yaitali ija m'ndime ya alamu. Inatsala kunja yoposa theka. Ngalandeyo inali yosafika n'komwe m'mawondo.

"Bwana, apa mwangokanda," anatero amisiri.

"Pouma apa, mmisiri. Paponda ng'ombe zaka ndi zaka."

"N'chifukwa chake pakufunika kuya. Paipi muinyamulire pambali, ili ndi potamukira. Mukumbe mpaka ndodo iyi imire, muthire mchenga, ndiye mukwirire."

"Pyadidi, pyadidi," anavomera alamu m'Chisena chawo, akuyang'ana kumbali.

Madzulo ake amisiri anatsegula madzi ku thanki, majoini onse ali poyera, kuti aone ngati pali podontha. Panalibe. Mpopi wathu unatsokomola, kulavula mphepo, kenako madzi. Tinalulutira mpaka mawu kusasa. M'mawa mwake galimoto inabwera kudzatenga amisiri, akuti kuli ntchito ina cha ku Makhanga. Ndodo yaitali ija anawasiyira apampando a komiti ya madzi. Pamenepo nawonso amisiri ndimawakwiyira pang'ono. Anaona ndi maso awo, n'kukhulupirira pakamwa pa munthu.

Tsiku lotsatira, ndikubwera ndi beseni la mchenga, ndinapeza mulu uja palibe. Panangotsala chizindikiro chake pansi, ndi mikwasa ya ngolo yolunjika kwa alamu, kumene anyamata awo anali kale pa ntchito yopaka khoma. Alamu eni ake anali pa msewu, akukhuthulira zidutswa za njerwa m'ngalande, pamwamba penipeni pa paipi. Kuya kwake kunali komwe kuja.

Ndinatula beseni, n'kugwada monga mwa ulemu.

"Alamu, amisiri aja anati mchenga."

"Nkhabe, mlamu. Pamchenga ngolo imatitimira. Msewu timalimbitsa ndi njerwa, kuyambira kale. Njerwazi ziiteteza paipi yanuyo."

"Anatinso pakumbidwe mpaka m'chiuno."

"M'chiuno mwa ndani?" Anaseka, anyamata awo n'kusekanso. "Mwagwira sipanala masiku awiri, mwasanduka injiniya? Pitani mukayamwitse mwana."

Ine ndine mtengwa. Kwathu ndi kwa Amang'anja, cha ku Chikwawa, koma ndinakwatiwa kwa Asena, ndipo ng'ombe zimene zinapita kwa makolo anga zinatuluka m'khola la alamu omwewa. Pamudzi pano mawu anga amayenera kudzera mwa amuna anga. Ndinakawauza. Anayankha kuti, "Ukufuna ndikakangane ndi akulu anga chifukwa cha mchenga?" Ndinapita kwa apampando. Anandimvetsera bwinobwino, ndodo yaitali ija itatsamira pakhoma kumbuyo kwawo, n'kunena kuti imeneyo ndi nkhani ya pabanja, tikakambirane kunyumba. Paipi ya mudzi wonse inasanduka nkhani ya pabanja! Ndinabwerera mtima ukuwira, koma ndinadziletsa. Ndinati mwina njerwazo zitichitira chifundo.

Kwa kanthawi madzi ankatuluka bwino. Ndinaiwala njira ya ku dooko. Ngolo za njerwa zinkadutsa m'mawa ndi madzulo, zodzaza mpaka ng'ombe kutulutsa thovu. Kenako mpopi wathu unayamba kufooka. Ndowa imene inkadzaza ukupereka moni inayamba kufuna nkhani yonse. Tsiku lina m'mawa madzi oyamba anatuluka ofiirira, akununkha ndowe. Thanki ikatha madzi paipi imatsala yopanda kanthu, ndiye ngati yabooka penapake imayamwa zonse za pamenepo. Madziwo ndinawataya. Posakhalitsa mpopi unangoti zii, pamene mipopi ya kumtunda kwa msewu inkatuluka, ngakhale mofooka. Eni ake a mipopi imeneyo anayamba kutiwerengera ndowa, akuti thanki ikutha msanga chifukwa cha ife.

Ndinabwerera ku Shire. Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Ndinaponya miyala, n'kuwerama, mwana n'kusuzumira paphewa monga kale, ndipo chapatali pang'ono, m'mphepete mwa bango, panali chinthu chonga chipika chimene sichinkayenda ndi madzi. Ndinatunga theka la ndowa n'kubwerera chafutambuyo.

Pamudzi nkhani inali itapsa kale. Pa msewu wa ngolo panali patanyowa, ng'ombe zikuima kunyambita matope, ndipo aliyense ankadziwa kuti joini ya pafupi pamenepo anamanga ndani. Alamu ankanena poyera pa bawo kuti, "Mapaipi kupatsa akazi! Manja ozolowera kusenda mbatata angamange nati?" Ngakhale apongozi anandiitana n'kundilangiza kuti zinthu za amuna ndizizisiya. Ndinapempha mnansi wanga uja, amene mchimwene wake amapalasa njinga ya kabaza ku Bangula, kuti uthenga ukafike kwa amisiri.

Amisiri anabwera ali ndi paipi yachitsulo yomangirira pa njinga, mpukutu waung'ono wa paipi yakuda, ndi majoini m'thumba. Anatseka madzi ku thanki. Anthu anasonkhana ngati pali mlandu.

"Yambani ndi joiniyo, mmisiri," anatero alamu. "Vuto lili pamenepo."

Tinafukula ndi khasu, titayandikira n'kumafukula ndi manja. Joini inatuluka yamatope. Amisiri anaipukuta ndi chipewa chawo. Kadontho ka penti yoyera kanali pomwe ndinakasiya, kukamwa kwa nati. Anangoloza kutsogolo, kumene matope ankachokera.

Pansi pa msewu, khasu silinalowe n'komwe kawiri lisanagunde njerwa. Titazichotsa, paipi inali yophwatalala ngati nzimbe yotafuna, ndipo chidutswa china chosongoka chinali chitaing'amba m'litali. Koma chimene chinatontholetsa anthu si chimenecho. Pong'ambikapo panali pokulunga ndi malegeni a chubu cha njinga, omanga bwinobwino, mfundo ziwiri. Munthu anali atafukula kale, n'kuona, n'kukulunga, n'kukwiriranso.

"Kodi paipi ya masiku ano imadzimanga yokha mabala?" anafunsa amisiri.

Palibe anaseka. Ine ndinayang'ana alamu. Ankadziwa. Tsiku limene ndinkawerama pa dooko ndi mwana wa mng'ono wawo kumbuyo, iwo ankadziwa chimene chaumitsa mpopi, ndipo madzulo ake anakakhala pa bawo kunena za manja anga. Akanangolakwitsa, ndikanaiwala. Tonse pano timalimbitsa msewu ndi njerwa. Koma malegeni aja sindinawaiwale mpaka lero.

Amisiri anati sakhudza chilichonse mpaka ndodo yaitali imire. Apampando anaitumitsa mwakachetechete. Alamu anati msana ukuwawawa, n'kuchoka. Amuna ena ankayang'anana, poti ndime inali ya mwini wake, ndipo kukumba ndime ya munthu wamkulu iye ali moyo kuli ngati kumutukwana. Ndiye tinalowamo akazi a mpopi womalizira. Dothi linali litafewa ndi madzi otayika aja, mwina ndi chabwino chokha chimene alamu anatichitira. Tinakumba mpaka m'chiuno, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri kuti paipi isapindike mwadzidzidzi. Tinapita ku mtsinje kukatenga mchenga woyala pansi pa paipi pokha. Amisiri anadula mbali yowonongeka yonse, analowetsa paipi yatsopano mkati mwa yachitsulo ija kuti mateyala azipondera chitsulo, ndipo m'mawa mwake, kusanatenthe, tinalumikiza: joini ina uku, ina uko, zonse kutali ndi modutsa mateyala. Ina anamanga mnansi wanga, ina ine. Anatsegula madzi. Majoini anali ouma. Mpopi tinausiya utuluke mpaka matope onse atatha, madzi n'kuyera.

Pochoka amisiri ananena pamaso pa apampando ndi anthu onse kuti, "Pakwiriridwe ndi mchenga. Mukathiranso zina, musadzanditumire uthenga."

Madzi tinali nawo tsopano. Ngalande inali yasa pakati pa msewu, yakuya mpaka m'chiuno. Tinaphimba paipi ndi makhwatha a mlaza kuti isapse ndi dzuwa, n'kuika minga kuti mbuzi ndi ana asagweremo. Mchenga wa pamwamba sitinatute. Sitinapangane mokweza, tinangoyang'anana. Ine ndinatenga mphasa n'kukayala pansi pa mtengo wa msawu pafupi ndi ngalande, n'kumasola nyemba pamenepo, mwana akusewera. Ndikachoka ine, pankakhala wina.

Njerwa za alamu zinali zitapsa, ogula akudikira ku msewu waukulu, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana. Alamu anabwera atapisa manja m'matumba.

"Mlamu, dzenje ili likwiriridwa liti?"

Ndinagwada. "Tikudikira mchenga, alamu."

"Ndiye bwanji simukututa?"

"Tinatuta kale, alamu. Unali mulu waukulu, pomwe mwaimapo."

"Mukudziwa kuti mukulankhula ndi ndani?"

"Ndikudziwa, alamu. Takhuta," ndinathokoza m'Chisena chawo.

Madzulo amenewo amuna anga anandikalipira kuti ndikuwachititsa manyazi pamudzi. Ndinawalola amalize. Kenako ndinati, "Mawa mubereke mwanayu, mutenge ndowa, mupite pa dooko. Muwerame. Mukabwerako mudzandiuze za manyazi." Anadya pang'ono n'kutuluka panja.

Alamu anabweranso mawa lake, anafunsa zomwezo, ndinayankha zomwezo. Anapita kwa apampando, apampando n'kuwauza kuti imeneyo ndi nkhani ya pabanja. Nditamva ndinaseka kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri.

Tsiku limene kunagunda bingu cha kumapiri, tinamva ngolo ikubwera kuchokera ku mtsinje wouma. Inali yodzaza mchenga. Alamu sanabwere nayo, anatuma anyamata awo. Kumbuyo kwake kunali amuna anga, fosholo paphewa, osandiyang'ana. Mchenga umene ife tinaututa pamutu mpaka makosi kuuma, ng'ombe zinaubweretsa maulendo awiri okha dzuwa lisanafike pamutu. Chimenechonso chinandipsetsa mtima. Ngolo zinalipo kuyambira tsiku loyamba.

Ndinalowa m'ngalande ndekha. Ndinathira mchenga m'mbali mwa paipi n'kuukanikiza ndi manja, kenako pamwamba. Dothi ankandipatsira amuna anga, ine n'kumalipapasa, kamwala kalikonse n'kumakaponya kutali. Tinkathira pang'ono, kuponda, kuthiranso, kuponda. Zidutswa za njerwa zija anyamata anafunsa ngati azibwezere pamwamba. Ndinati pamwamba penipeni pokha, pamene paponda ng'ombe, kutali ndi paipi.

Alamu sanapepese, ndipo sindikuyembekezera. Timapatsana moni. Akazi awo amatunga pa mpopi womwewu, nthawi zina ndimawathandiza kusenza. Ngolo zimadutsa, ine ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana pansi ngati panyowa, ndipo pamakhala pouma. Mwana wanga tsopano amathamanga, amakonda kuika dzanja kukamwa kwa mpopi kuti madzi amuthovukire kumaso, ndimachita kumukoka. Ku dooko sanapitekonso, ndipo sakukumbukira kuti anapitako. Ine ndikukumbukira.